DENGA LA MALATA: KUSANKHA MATABWA, KUTALIKIRANA KWA MATHIRASI NDI KULETSA CHISWE

Mlimi akakolola bwino nagulitsa mbewu zake, chinthu choyamba chimene amachilakalaka ndicho denga la malata. Malatawo amawasankha mosamala, chifukwa amaoneka kwa aliyense wodutsa pa msewu. Koma matabwa onyamula malatawo amagula otsika mtengo ndi ochepa, poganiza kuti palibe adzawaona. Apa ndi pamene alimi ambiri amatayira ndalama zimene anazivutikira chaka chathunthu.

Paulendo wathu woyendera alimi tinafika pa mudzi wina pamene mlimi wakhama anamanga nyumba yosungiramo mbewu ndi feteleza. Nyumbayo inali isanakwanitse zaka zinayi, koma msana wa denga unali utakhota ngati wa bulu wosenza katundu. Malata anali atapindika pakati, madzi anali kulowera pa misomali, ndipo matumba 20 a chimanga anali atachita nkhungu. Titakwera pamwamba tinapeza zinthu zitatu. Mathirasi anali a matabwa aang'ono, anatalikirana mapazi 8, ndipo nsonga zake zinali zomatidwa ndi dothi m'kati mwa khoma. Tinabaya nsonga imodzi ndi msomali, ndipo msomaliwo unalowa wonse ngati walowa m'mbatata yophika. Chiswe chinali chitadya m'kati monse, n'kusiya khungu lokha.

M'nkhani ino tifuna kulongosola mamangidwe a denga la nyumba yonga yomweyo, kuti inu owerenga mudzathe kukambirana ndi mmisiri wanu mukudziwa chimene mukunena.

Thirasi ndi ntchito ya thabwa lililonse

Thirasi ndi matabwa okhomedwa pamodzi mwa ngodya zitatu, amene amakhala pamwamba pa makoma awiri ndi kunyamula denga popanda mzati wofika pansi. Matabwa awiri opendekeka amene amakumana pansonga ndiwo mapaso. Thabwa logona, lochokera pa khoma lina kufika pa linzake, ndilo mtanda. Pakati pamaima kamzati kochokera pa mtanda kufika pansonga, ndipo patsinde pa kamzatiko pamachokera michirikizo iwiri, umodzi uku wina uku, yokagwira pakati pa phaso lililonse. Pamwamba pa mathirasi pamagona matabwa aang'ono okhomerapo malata, amene amisiri amawatcha mapelini.

Katundu akatsikira pa mapaso, mapasowo amafuna kutagada monga miyendo ya munthu woimirira pa matope oterera. Chimene chimawaletsa ndi mtanda, umene umakokedwa mbali zonse ziwiri ngati chingwe. Mtanda ukaduka, kapena misomali yake ikazuka, mapaso amakankhira makoma kunja ndipo msana wa denga umatsika. Chotero malo ofunika koposa pa thirasi lonse ndi pamene phaso limakumana ndi mtanda pamwamba pa khoma. Malo amenewa tiwatche chidendene cha thirasi. Muwakumbukire, pakuti ndi pomweponso pamene chiswe chimayamba kufika.

Mphamvu ya thabwa ili m'kuimirira kwake

Matabwa amagulitsidwa potchula kuchindikala ndi kufutukuka kwake m'mainchesi. Pali la 2 x 2, la 2 x 3, la 2 x 4 limene amisiri amati thubayifolo, ndi la 2 x 6. Ambiri amayesa kuti la 2 x 6 limaposa la 2 x 4 pang'ono chabe, popeza kusiyana kwake ndi mainchesi awiri okha. Si choncho ayi. Likaimikidwa cham'mbali, thabwa la 2 x 6 limanyamula katundu woposa kawiri amene la 2 x 4 lingathe kunyamula, ndipo limakana kupindika koposa katatu.

Mungathe kudzionera nokha pabwalo. Tengani thabwa la 2 x 4, muliike pa njerwa ziwiri zotalikirana mapazi 8, ndipo muimirire pakati. Mukaligoneka chafulati lipindika ndithu. Mukaliimika cham'mbali, kupindikako kuchepa kanayi, chonsecho thabwa ndi lomwelo. N'chifukwa chake phaso, mtanda ndi pelini ziyenera kuimikidwa cham'mbali nthawi zonse. Mmisiri wogoneka mapelini chafulati kuti misomali ya malata isamuvute kulasa wakutayirani theka la mphamvu imene munaigula.

Tsono kukula kwa matabwa kumatsata kufutukuka kwa nyumba. Pa denga la malata, nyumba yofutukuka mapazi osapitirira 14 imakwanira ndi matabwa a 2 x 4 pa thirasi lonse. Ikafutukuka kuyambira mapazi 14 kufika 20, mapaso ndi mtanda zikhale za 2 x 6, ndipo kamzati ndi michirikizo zikhale za 2 x 4. Ikapitirira mapazi 20, michirikizo iwiri siikwanira, ndipo nkofunika kuti munthu wophunzira za zomangamanga akulembereni mamangidwe ake. Miyeso imeneyi ndi ya malata okha. Denga la matayilosi a simenti limalemera kuposa la malata pafupifupi kakhumi, ndipo limafuna mathirasi oyandikana kwambiri.

Pogula matabwa mutenge tepi yoyezera. Ocheka ambiri amachepetsa muyeso, kotero kuti thabwa lotchedwa 2 x 4 limapezeka lili ndi mainchesi atatu ndi theka. Theka la inchi limenelo limachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake. Muyang'anenso mfundo. Mfundo yodya gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhope ya thabwa, makamaka ikakhala m'mphepete, ndi malo othyokera, ndipo thabwa lotero lisakhale mtanda kapena phaso. Musagule lopindika, long'aluka m'litali, kapena lokhala ndi khungwa m'mbali.

Thabwa laliwisi limalemera, limazizira polikhudza, ndipo likauma pa denga limafota ndi kupotoka, misomali n'kukhwefuka. Ngati mwagula aawisi, muwasanje pamthunzi, pamwamba pa njerwa, mutaika timitengo pakati pa mzere uliwonse kuti mphepo idutse. Paini wa mainchesi awiri amafuna miyezi ngati itatu ya chilimwe, ndipo bulugama amafuna nthawi yoposa pamenepo.

Mathirasi atalikirane bwanji

Kutalikirana kwa mathirasi sikusankhidwa pakokha, koma kumatsata kukula kwa mapelini, popeza pelini ndi mlatho wochokera pa thirasi lina kufika pa linzake. Mlatho ukatalika kawiri, kupindika kwake pansi pa malata sikuwonjezeka kawiri koma kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Ichi ndicho chinapinda denga la mlimi uja, amene anaika mapelini a 2 x 2 pa mathirasi otalikirana mapazi 8.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili. Ngati mapelini ali a 2 x 3, mathirasi atalikirane mapazi 4. Ngati mufuna kuwatalikiranitsa kufika mapazi 6, mapelini akhale a 2 x 4. Matabwa a 2 x 2 asiyireni siling'i. Mapelini nawonso asatalikirane kupitirira mapazi 3 pa malata a geji 28, ndipo pa malata opyapyala a geji 30 kapena 32 ayandikane koposa, pakuti lata lopyapyala limabonyoka munthu akaponda pakati.

Chitsanzo cha nyumba ya mapazi 20 kwa 32

Titenge nyumba yofutukuka mapazi 20, kuyeza kuchokera pakati pa khoma lina kufika pakati pa linzake, ndi yotalika mapazi 32, yokhala ndi magebulo a njerwa kumapeto konse kuwiri. Tikagawa 32 ndi 4 tipeza mipata 8. Popeza magebulo anyamula mapelini kumapetoko, mathirasi ofunika ndi 7.

Nsonga ya thirasi ikwere gawo limodzi mwa magawo anayi a kufutukuka kwa nyumba, ndiwo mapazi 5. Kupendekeka kotere kumatsitsa madzi msanga, ndipo sikukoka mtanda mopitirira. Denga lofulatika kwambiri limakoka mtanda ndi mphamvu yaikulu, ndiponso mphepo imalisasula mosavuta. Ndi kukwera kwa mapazi 5, phaso lichokera pansonga kufika pa khoma ndi mapazi 11 ndi mainchesi 2. Tidule phaso la mapazi 14 kuti lotsalalo lituluke kunja ndi kutchinjiriza khoma ku mvula. Mchirikizo ukagwira pakati pake, palibe chigawo cha phaso chokhala chosachirikizidwa kupitirira mapazi 5 ndi mainchesi 7.

Mtanda uyenera kutalika mapazi 21, koma matabwa ambiri pamsika amatalika mapazi 18. Chotero tiulumikiza ndi zidutswa ziwiri, china cha mapazi 14, china cha mapazi 7. Zidutswazo zigundane nsonga, ndipo tizimange ndi zigamba ziwiri, china kuno china kuseri. Zigambazo sitigula padera, pakuti podula mapaso pa matabwa a mapazi 18 patsala zidutswa za mapazi 4 zoyenera ntchitoyi. Tibowole ndi kumanga mabawuti anayi a theka la inchi, awiri mbali iliyonse ya polumikizira, aliyense ndi mawashala ake, ndipo bawuti lisayandikire nsonga ya thabwa kuchepera mainchesi 4. Poimika mathirasi, polumikizira pakhale kumanzere pa thirasi lina, kumanja pa lotsatira, kuti malo ofooka asandandalike mzere umodzi.

Pa chidendene, nsonga ya mtanda idulidwe mopendekeka kuti ikhale bwino kunsi kwa phaso. Pamenepo tikhome zigamba za thabwa la inchi imodzi, zotalika mapazi awiri, mbali zonse ziwiri. Chigamba chilichonse chilandire misomali ya mainchesi atatu, 8 yolowa m'phaso ndi 8 yolowa mu mtanda. Misomaliyo isatsatane mzere umodzi wa mitsempha ya thabwa, kuti lisang'aluke, ndipo ngati thabwa lili louma kwambiri mubunthitse nsonga ya msomali ndi nyundo musanakhome. Misomali iwiri kapena itatu yokhomedwa chopendekeka, monga amachitira amisiri ofulumira, siingathe kugwira mtanda kwa zaka zambiri. Pansonga ndi patsinde pa kamzati tikhomenso zigamba zotero.

Thirasi loyamba lipangidwe mosamala pa malo osalala, ndipo ena onse apangidwe pamwamba pake kuti afanane. Pa mathirasi 7 pafunika matabwa 25 a 2 x 6, ndi matabwa 7 a 2 x 4, pakuti thabwa limodzi la mapazi 18 limatulutsa kamzati ndi michirikizo yonse iwiri. Mapelini akhale mizere 6 mbali iliyonse ya denga. Mugule matabwa 28 a 2 x 3, kuti polumikizira pa mapelini pagwere pa thirasi nthawi zonse, koma posagwera pa thirasi limodzimodzi mizere yonse. Onjezani matabwa 4 a 2 x 4 ogona pamwamba pa makoma, amene mathirasi amakhalapo, ndi ena 4 okhomedwa chopingasa kunsi kwa mapaso, kuchokera pa khoma kukwera ku nsonga, kuti mathirasi asagwere mbali imodzi onse pamodzi.

Mwina wina anganene kuti mathirasi 3 angakwanire, ndipo apulumutsa matabwa 18. Aziwerengere yekha mtengo wa matabwa 18 ndi mtengo wa malata onse a nyumbayo pamodzi ndi mbewu zosungidwa m'katimo.

Kumangirira denga ku khoma

Thirasi limodzi la nyumba yathuyi, pamodzi ndi mapelini ndi malata ake, limalemera pafupifupi ngati matumba atatu a simenti. Mphepo ya mkuntho yothamanga makilomita 100 pa ola ingathe kulikokera m'mwamba ndi mphamvu yoposa kulemera kumeneko kawiri kapena katatu. Chotero denga la malata silifuna kunyamulidwa kokha, lifunanso kugwiridwa. Womanga khoma akatsala ndi mapazi awiri kuti afike pamwamba, aike waya wochindikala wosachita dzimbiri, wopindidwa pawiri, kapena lamba wachitsulo, pa malo aliwonse pamene thirasi lidzakhale. Wayayo akwere ndi khoma, ndipo pomaliza azengedwe pa chidendene cha thirasi ndi kukhomeredwa. Mapelini a m'mphepete ndi a pansonga amangidwenso ndi waya ku mapaso, pakuti mphepo imayamba kusasula m'mphepete.

Mmene chiswe chimafikira pa denga

Chiswe chimene chimaononga nyumba zathu chimakhala m'nthaka. Mitundu ina imamanga chulu chooneka, ina imakhala pansi popanda chizindikiro chilichonse. Thupi lake ndi lofewa ndipo limauma msanga pa dzuwa ndi pa mphepo, chotero chimayenda mobisika, ndipo chiyenera kubwerera ku nthaka kukapeza chinyezi. Chikafika pamtetete chimadzimangira ngalande ya dothi yoyendamo. Ichi ndi chinthu chothandiza kuchidziwa. Chiswe sichingadye denga popanda njira yolumikiza dengalo ndi nthaka, ndipo ntchito yathu yonse ndiyo kutseka njirayo kapena kuichititsa kuti ioneke.

M'nyumba yomangidwa ndi njerwa ndi dothi, chiswe chimakwera m'kati mwa dothi la pakati pa njerwa, osaoneka kunja kapena m'kati. M'nyumba ya simenti chimatsata ming'alu, ngakhale yaing'ono yolowa khadabo lokha. Chikafika pamwamba pa khoma, thabwa loyamba kukumana nalo ndilo logona pa khoma, ndipo lachiwiri ndi chidendene cha thirasi. Ngati chidendenecho chamatidwa ndi dothi, chiswe chapeza mdima, chinyezi ndi chakudya pamalo amodzi, ndipo mwini nyumba sadziwa kanthu kufikira denga litatsika.

Kutseka njira pomanga

Ntchito imayamba maziko asanakumbidwe. Zulani zitsa zonse ndi mizu yake pa malo omangapo ndi pozungulira. Musakwirire zidutswa za matabwa, mapesi kapena zinyalala podzaza dothi m'kati mwa maziko, pakuti kutero n'kuchisungira chiswe chakudya pansi pa nyumba. Kukumba chulu chapafupi ndi kuchotsa make wa chiswe kumathandiza kwa kanthawi, koma musakhulupirire kuti mwathana nacho, chifukwa zisa zina zili pansi posaoneka.

Maziko akwere phazi limodzi pamwamba pa nthaka, ndipo amangidwe ndi simenti ngakhale khoma lotsalalo lidzakhale la dothi. Pamwamba pa maziko pathiridwe konkire yolimba yochindikala mainchesi atatu, yophimba khoma lonse popanda mng'alu. Ena amayala lata losalala lotulukira kunja ndi m'kati mainchesi awiri, lopindidwira pansi, ndipo polumikizira pake payenera kutsekedwa ndithu. Timvetsetse kuti konkire kapena latalo silipha chiswe. Limachikakamiza kutuluka m'khoma ndi kumanga ngalande yake poyera, pamene diso lingaione.

Pamwamba pa khoma, mizere itatu yomaliza ya njerwa imangidwenso ndi simenti. Thabwa logona pa khoma likhale pa simenti yosalala, pa pepala lakuda loletsa chinyezi. Ngati mufuna kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi malata kuti makoswe ndi mbalame zisalowe, mangani ndi simenti, ndipo musiye mpata wolowa chala mozungulira thabwa lililonse. Chidendene cha thirasi chikhale choti mungathe kuchiona ndi kuchigogoda.

Mtundu wa mtengo ndi mankhwala

Makolo athu anadziwa mitengo imene chiswe sichiikonda, monga muwanga, tsanya ndi mlombwa. Koma chokana chiswe ndi mtima wa mtengo wokha. Mnofu woyera wakunja umadyedwa pa mtengo uliwonse. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje unafolera nyumba zambiri zakale chifukwa cha mafuta ake onunkhira amene chiswe chimawapewa. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984, ndipo wadulidwa kufikira kutsala pang'ono kutheratu, chotero sitingaudalirenso pomanga. Matabwa amene alimi ambiri amawapeza ndi a paini, wochokera ku nkhalango zobzalidwa monga za Chikangawa, Zomba ndi Dedza, ndi a bulugama. Paini ndi wopepuka, wowongoka ndi wosavuta kukhoma, koma alibe chitetezo chilichonse kwa chiswe. Bulugama ndi wamphamvu, koma amang'aluka pokhoma ndipo mnofu wake wakunja umadyedwa msanga.

Chitetezo choposa zonse ndi matabwa olowetsedwa mankhwala ndi makina, m'thanki yotsekedwa. Olowetsedwa mankhwala a CCA amaoneka obiriwira pang'ono. Koma mtundu wobiriwira pawokha si umboni, pakuti ena amangoviika kunja. Dulani nsonga ya thabwa limodzi muone ngati mtunduwo walowa m'kati. Zidutswa za matabwa otere musasonkhere moto, chifukwa utsi ndi phulusa lake zili ndi poizoni.

Kumene matabwa otere sapezeka, pakani mankhwala akuda a matabwa a mtundu wa kiriyosoti. Mankhwala opaka amalowa pang'ono chabe, motero nthawi yopakira ndi yofunika. Thabwa likhale louma, pakuti laliwisi silimwa mankhwala. Mudule ndi kubowola matabwa onse poyamba, mupake kawiri nkhope zonse zinayi, ndipo pambuyo pake mukhome. Mukapaka thirasi lokhomedwa kale, malo obisika pansi pa zigamba amatsala oyera, ndipo ndi momwemo mmene chiswe chimalowera. Nsonga za thabwa zimamwa kwambiri kuposa nkhope zake, chotero muimike nsonga za mitanda m'chidebe cha mankhwala usiku wonse. Thabwa logona pa khoma lipakidwe katatu. Valani zotchinga manja ndi maso, ndipo musalowetse mbewu m'nyumbamo fungo lisanathe. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amapaka, amadetsa thabwa ndi kuchedwetsa chiswe pang'ono, koma si mankhwala a chiswe, ndipo musayese kuti denga lopakidwa oyilo latetezedwa.

Palinso mankhwala othira m'nthaka ya maziko konkire isanathiridwe. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 omanga ankathira dayelodirini ndi olodirini. Mankhwala amenewa anapezeka kuti saola m'nthaka ndipo amaunjikana m'matupi a anthu ndi nyama, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la mu 2001 linawaletsa. Amene akugwiritsidwa ntchito m'malo mwake, monga fipuronilo, amatha mphamvu pakapita zaka zingapo. Mugule okhawo ovomerezedwa ndi boma, mutsate muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo musathire pafupi ndi chitsime.

Kuyendera denga kawiri pachaka

Akulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Denga losayang'anidwa lili ngati mphasa imeneyo. Muliyendere mvula yoyamba ikagwa, nthawi imene ngumbi zimauluka, ndiponso mutatha kukolola, musanalowetse mbewu. Yambani kunja, kuzungulira maziko onse, kufunafuna ngalande za dothi. Chotsani nkhuni, mapesi, mitengo ya mpanda ndi matabwa otsamira khoma, pakuti chilichonse chogunda nthaka ndi khoma pamodzi ndi mlatho wolumpha konkire yanu. M'katimo, matumba akhale pa thandala, ndipo pakhale mpata woyendamo munthu pakati pa matumba ndi khoma.

Mukatero kwerani pa makwerero ndi nyundo ndi msomali wautali. Gogodani chidendene cha thirasi lililonse. Thabwa labwino limalira molimba, koma lodyedwa limalira ngati chikho chopanda kanthu, ndipo msomali umalowa osavuta. Mukapeza dothi m'kati mwa thabwa, chimenecho ndi chiswe. Mukapeza timabowo tozungulira ndi ufa wosalala wogwera pansi, chimenecho ndi kufumbwa, kumene kumachitika ndi tizilombo tina todya mnofu woyera, makamaka wa bulugama. Pomaliza imirirani patali muyang'ane msana wa denga. Ngati wayamba kutsika pakati, kapena khoma layamba kupendekera kunja pamwamba, mtanda wina wakhwefuka, ndipo musadikire mvula ina.

Mukapeza ngalande, muitsate kufikira pamene yatulukira pansi, pakuti kuiphwanya kokha sikuthandiza, mawa imangidwanso. Thirani mankhwala pamalopo, tsekani mng'alu ndi simenti, ndipo mubwererenso patapita masiku atatu kukaona ngati yamangidwanso. Thirasi lodyedwa pa chidendene lichirikizidwe kaye ndi mzati wochokera pansi. Chotsani mbali yonse yodyedwa, ndipo mumange matabwa atsopano opakidwa mankhwala mbali zonse ziwiri, ndi mabawuti, atalowa mapazi atatu pa thabwa labwino. Mzati wochirikizawo muuchotse ntchito ikatha, kuti nawonso usasanduke njira ya chiswe.

Mlimi uja anafolera nyumba yake kachiwiri. Anaika mathirasi 7 m'malo mwa 3, anasiya zidendene zake poyera, ndipo pa khoma pafupi ndi chitseko anapachika nyundo yaing'ono yogogodera. Malata ena akale anawaongola nawagwiritsanso ntchito, koma matabwa onse anagula atsopano, ndipo ndalama imene anaipulumutsa poyamba anailipira kawiri. Inu amene mukukonzekera kumanga chilimwe chino, gulani matabwa anu tsopano kuti ayambe kuuma, ndipo tsiku limene mmisiri adzakhome thirasi loyamba mudzakhalepo, tepi yoyezera ili m'manja.